Mwala wa Dragonstone wamira pansi: ndilembe setstage kapena pali njira ina?

Limbani: Abale anga, ndithandizeni ndisanawononge zinthu. Ndikusewera Skyrim Special Edition pa kompyuta, ndipo ndakanirira pa mishoni ya Bleak Falls Barrow. Ndinafika kumapeto kwa phanga lija, ndinawerenga mawu a pakhoma, draugr wamkulu, wakufa woyenda uja, anadzuka m'bokosi lake ndipo tinamenyana. Nditamupha, mtembo wake unanjenjemera kenako unalowa pansi ndikuona. Kachizindikiro ka mishoni kakuloza pansi pa mwala, pambali pa bokosilo, koma palibe choti ndigwire. Mwala wa Dragonstone umene Farengar, wamatsenga wa ku Whiterun, akufuna uli m'thumba la mtembowo. Ndinatuluka, ndinapita ku Whiterun, ndinachita zina ndi zina poganiza kuti ndikabwerera ndikaupeza pamwamba, koma ayi ndithu. Masevu odzisunga okha aja anafufutika kale ndi atsopano, ndipo sevu imene ndinasunga ndi manja ndi ya maola asanu ndi limodzi apitawo. Konsolo sindinaigwiritsepo ntchito. Ndiyambire pati?

Yamikani: Zosavuta izi achimwene. Dinani batani la pansi pa Esc, lija lili ndi ~, mulembe ichi ndi kudina Enter:

```
setstage MQ103 190
```

Mishoni yatha pompo, mupitirize ulendo wanu. Ine ndimatero nthawi zonse gemu ikandivuta.

Tiyamike: A Limbani, musalembe kaye zimenezo. Lamulo la a Yamikani ndi lenileni ndipo nambala ya mishoniyo ndi yolondola, koma likhale lomaliza pa zonse zimene mungayese. Choyamba sungani sevu yatsopano yokhala ndi dzina lake. Mutsegule konsolo mulembe:

```
save ndisanakhudze
```

Kenako mupite mu foda ya Documents\My Games\Skyrim Special Edition\Saves, mukopere fayilo imeneyo kwina. Chifukwa chake n'chakuti mu konsolo mulibe batani lobwezera. Chimene mwalemba chalembedwa, ndipo mukangoseva pamwamba pake chimakhala mbali ya gemu yanu mpaka kalekale.

Mukatero tifunse gemu kuti ikuganiza kuti muli pati. Malamulo awiri awa amangowerenga, sasintha kanthu:

```
getstage MQ103
sqs MQ103
```

Loyamba likuuzani siteji imene mwafika. Lachiwiri likuonetsani masiteji onse a mishoniyo ndi amene anachitika kale. Ngati mndandanda watalika kupyola sikirini, mugwiritse ntchito Page Up ndi Page Down. Mutiuze zimene mwaona.

Dalitso: Inenso ndili pa konsolo, PS4, koma batani limene mukunenalo sindikuliona pa padi yanga. Kodi ndilumikize kiyibodi?

Tiyamike: Pepani a Dalitso, mawuwa ndi amene akusokoneza. Konsolo imene tikunena pano si makina osewerera, koma kawindo kolembamo malamulo kamene opanga gemu ankagwiritsa ntchito poyesa ntchito yawo. Mu Skyrim kanasiyidwa kotsegula pa kompyuta pokha. Pa PlayStation ndi pa Xbox kulibe, ngakhale mulumikize kiyibodi. Kumeneko vuto ngati ili likagwa, chimene chimapulumutsa ndi sevu yakale basi.

Dalitso: Ndamva, zikomo. Ndiye ndizisunga masevu ambiri. Ndikhalabe pano ndiziwerenga.

Limbani: Ndasunga sevu ija ndipo ndaikopera pa fulashi. Konsolo yayankha chonchi:

```
GetStage >> 50.00
```

Pa mndandanda wautali uja ndaona kuti 180 ndi 190 sizinachitike. Ndiye pakati pa 50 ndi 190 pali ulendo ndithu. Koma funso langa ndi ili asisi: ngati mapeto ake ndi omwewo, cholakwika n'chiyani kungolumpha?

Tiyamike: Funso labwino, ndipo ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Ambiri amaganiza kuti siteji ndi nambala chabe, ngati tsamba la buku limene ungatsegule paliponse. Si choncho. Ku siteji zambiri kunamangiriridwa kasikiripiti kakang'ono kamene kamagwira ntchito nthawi imene sitejiyo yafikidwa. Kena kamatsegula chitseko, kena kamasuntha munthu kuchoka m'nyumba ina kupita ina, kena kamayatsa zokambirana zatsopano, kena kamayambitsa mishoni yotsatira. Mukalemba `setstage` ndi nambala ya kutsogolo, gemu imayendetsa kasikiripiti ka siteji imene mwatchulayo basi. Timasikiripiti ta masiteji amene mwawalumpha sitimayenda. Buku la mishoni limalemba kuti mwamaliza, koma dziko la mu gemu likhoza kutsalira m'mbuyo: munthu amene ankayenera kusamuka akadali pomwe anali, chitseko chikadali chokhoma.

Choipa kwambiri n'chakuti kuwonongekako sikuonekera tsiku lomwelo. Mukhoza kusewera maola makumi awiri bwinobwino, kenako n'kufika pamalo pamene mishoni ina ikudikira chinthu chimene siteji yolumphidwa ija inkayenera kukonza. Pofika nthawi imeneyo mwaiwala kale zimene munalemba, ndipo sevu yoyera ili kutali.

Ndiponso kubwerera m'mbuyo kulibe. `getstage` imanena siteji yapamwamba kwambiri imene inachitika. Mukafika pa 190 n'kulemba `setstage MQ103 50`, zimene 190 inachita sizifufutika. Pali `resetquest`, inde, koma imangobweza mishoniyo payokha, osati zimene inasintha kale m'dziko.

Pa nkhani yanuyi, mishoni siinawonongeke. Ikudikira chinthu chimodzi chokha, chakuti mwala ulowe m'thumba mwanu. Chimene chalakwika ndi malo amene mtembo uli. Ndiye tikonze mtembowo, siteji idzasuntha yokha.

Yamikani: Komabe asisi mukuwaopseza kwambiri. Ine 190 ndinailembapo pa mishoni yomweyi ndipo chinjoka chinabwera bwinobwino pa nsanja ija ya kunja kwa Whiterun. Chimene ndingachenjeze n'chakuti akangotsegula konsolo, maachivimenti a pa Steam atsekeka. Zimenezo ndiye azidziwe.

Tiyamike: Kuti zinakuyenderani sindikukana. Mishoni imeneyi ndi ya kumayambiriro ndipo nthambi zake n'zochepa, ndiye mwayi woti zidutse ulipo. Koma kuyenda bwino pa mishoni imodzi si umboni woti chizolowezicho n'chabwino pa mishoni zonse.

Za maachivimenti mwasakaniza magemu. Mu Fallout: New Vegas ndi mmene kugwiritsa ntchito konsolo kumawatseka, mpaka mutatuluka mu gemu n'kuyatsanso. Mu Skyrim konsolo siiwakhudza. Chimene chimawatseka mu Special Edition ndi kuika mamodi.

Yamikani: Eya, n'kutheka ndinatengera ku New Vegas, ndinaisewera kwambiri. Pamenepo ndavomera. Za 190 sindinavomere.

Mavuto: Ndiloleni ndiikepo mawu, chifukwa ine zinandionekera. Chaka china mishoni ina inandikanirira ndipo ndinapeza lamulo lakuti `caqs`. Ndinamva kuti limamaliza masiteji, ndiye ndinaganiza kuti likhudza mishoni imene ndinali nayo yokha. Limamaliza masiteji a mishoni zonse za mu gemu nthawi imodzi. Mauthenga anayamba kutsika pa sikirini osaleka, munthu wanga anayamba kuponyedwa malo osiyanasiyana, kenako gemu inazima. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino, koma isanazime inali itaseva yokha, ndipo ine sevu ina yapafupi ndinalibe. Munthu amene ndinamulera kwa miyezi itatu anathera pomwepo, ndipo zinandipweteka kwambiri. Kuchokera tsiku limenelo sindilemba lamulo limene sindikudziwa kuti likhudza chinthu chimodzi kapena dziko lonse. A Limbani, mverani a Tiyamike.

Limbani: Ndamva akulu, pepani ndi zimenezo. Asisi, ndabwerera kuphanga, ndaima pambali pa bokosi. Ndichite chiyani?

Tiyamike: Tsegulani konsolo, muyang'ane kaye ngati pali nambala imene yalembedwa pakati, pamwamba pa malo olembapo. Ngati palibe, lembani `tcl`. Lamuloli limachotsa kugundana, ndiye mutha kudutsa m'makoma ndi pansi. Tsekani konsolo, muyang'ane pansi, muyende kutsogolo pang'onopang'ono ngati mukusambira. Mutsatire kachizindikiro ka mishoni kaja. Mukadutsa pansi muona mdima kapena chifunga, ndipo chipinda chizioneka kuchokera kunsi. Musaope, simugwa bola `tcl` ikadali yoyaka.

Limbani: Ndalemba koma sizikugwira. Ndikungoyenda pamwamba monga kale.

Tiyamike: Ndiye kuti munadina penapake ndi mausi konsolo ili yotsegula, ndipo chinthu china chasankhidwa. Nambala ija ilipo tsopano? Chinthu chikasankhidwa, `tcl` siigwira pa inu. Dinaninso pa chinthu chomwecho kuti nambalayo ichoke, kenako mulembenso.

Limbani: Zoonadi, ndinali nditadina pa bokosi mosadziwa. Tsopano zatheka, ndili pansi. Ndikuona mwendo umodzi ndi nsonga ya chida chake zikutuluka m'mwala, thupi lonse lili mkati. Ndayandikira koma mawu oti ndifufuze mtembo sakubwera.

Yamikani: Apa ndiye musavutike. Mwala womwewo mungathe kudzipatsa:

```
help dragonstone 4
player.additem 000DF202 1
```

Loyambalo ndi longotsimikizira nambala. Mwala ukalowa m'thumba, kapatseni Farengar. Palibe siteji imene mwalumpha, ndiye a Tiyamike sadandaula.

Tiyamike: Iyi ndi nzeru yabwino kuposa yoyamba ija, ndipo nambalayo ndi yolondola. Nkhawa yanga ndi imodzi. `additem` siitenga mwala umene uli mu mtembo, imapanga wina watsopano wofanana nawo. Mishoni zambiri mu gemu imeneyi sizifuna mtundu wa chinthu, zimafuna chinthu chimodzi chenichenicho chimene zinachiika chizindikiro poyamba. Zikatero mumakhala ndi chinthucho m'thumba, koma kachizindikiro kakulozabe pansi pa mwala ndipo siteji siikusuntha.

Yamikani: Koma taganizani asisi. Munthu akhoza kulowa m'phanga limeneli Farengar asanamutume, potsatira nkhani ya chikhadabo chagolide cha ku Riverwood, n'kutenga mwalawo. Akafika kwa Farengar amangouza kuti ndili nawo kale, ndipo amalandira. Ndiye kuti iye amayang'ana zimene zili m'thumba, osati chizindikiro.

Tiyamike: Mfundo imeneyo ndi yamphamvu, ndipo n'zoona kuti mwalawo umatengeka usanatumidwe. Koma amene amatenga msanga amatengabe mwala weniweni wa mu mtembo, osati wopangidwa ndi konsolo, ndiye sizikutsimikizira mbali iliyonse. Ine pa mishoni imeneyi sindinayesepo. Tiisunge ngati njira yachiwiri. Popeza mwendo ukuoneka, mwala weniweni uli pafupi kwambiri moti n'zomvetsa chisoni kuusiya.

A Limbani, muli pansi pomwepo tsegulani konsolo, mudine pa mwendowo. Nambala ya zilembo zisanu ndi zitatu ituluka. Musafulumire kuikhulupirira, chifukwa kawirikawiri mausi imagwira mwala, chifunga kapena kuwala kumene kuli patsogolo. Muyese ndi awa:

```
getdead
inv
```

Ngati mwagwira mtembo, loyamba liyankha 1 ndipo lachiwiri lionetsa katundu wake, Dragonstone ili pomwepo. Ngati ayi, sunthani pang'ono mudinenso. Mukaupeza, lembani nambalayo papepala.

Chikondi: Pepani kulowerera pakati, koma nkhani ya chinthu chenicheni ndi chofanana nacho yandikhudza. Lydia, wotsatira wanga mu gemu, anandisowa kwa masiku ambiri. Ndinalemba `help lydia 4`, ndinapeza nambala, kenako ndinalemba `player.placeatme 000A2C8E` ndipo anatulukira pamaso panga. Ndinasangalala, koma katundu yense amene ndinamusenzetsa analibe, ndipo zida zabwino zimene ndinamupatsa zinasowa. Dzulo ndalowa ku Dragonsreach, nyumba ya mfumu ya ku Whiterun, ndapeza Lydia wina atakhala pampando. Tsopano ndili nawo awiri. Kodi ndi vuto lomweli?

Tiyamike: Ndi lomweli ndendende achemwali, ndipo mwatipatsa chitsanzo chabwino kuposa chimene ndikanapeka. Chinthu chilichonse mu gemu imeneyi chili ndi manambala awiri. Ina ndi ya chikombole, imene imanena kuti Lydia ndi wotani: nkhope, mawu, zovala zoyambira. Inayo ndi ya munthu mmodzi amene anaikidwa m'dziko, amene amakumbukira kuti ndi wotsatira wanu ndipo wasenza katundu wanu. `help` imakupatsani ya chikombole yokha, ndipo `placeatme` imaumba munthu watsopano kuchokera m'chikombolecho. Lydia wanu weniweni ndi 000A2C94. Mukanalemba izi akanabwera ndi katundu wake yense:

```
prid 000A2C94
moveto player
```

`prid` imasankha chinthu ndi nambala yake ngakhale chili kutali, ngati kuti mwachidina ndi mausi. Ndi zomwezi zimene a Limbani achite ndi mtembo wawo.

Limbani: Ndaupeza! Kawiri koyamba ndinagwira mwala, kachitatu `inv` yaonetsa Dragonstone. Nambala ndailemba. Ndakwera pamwamba, koma `tcl` ikukananso kuzima.

Tiyamike: Chifukwa mtembo ukadali wosankhidwa, ndi msampha womwe uja. Dinani pa chinthu china chilichonse chimene mukuchiona, kenako mudinenso pomwepo kuti pasakhale chosankhidwa. Muonetsetse kuti mapazi anu ali pamwamba pa nthaka pang'ono, osati mkati mwake, ndiye mulembe `tcl`. Mukazimitsa muli theka mkati mwa mwala, mukanirira kapena mugwa. Mukaima bwino, chokani pamalo amene mtembo unamira, mupite pabwalo losalala, kenako `prid` ndi nambala yanu ija, Enter, `moveto player`, Enter.

Limbani: Zatheka abale! Mtembo wagwa pamapazi panga, ndatenga mwala, ndipo nthawi yomweyo uthenga watuluka woti ndikapereke kwa Farengar. Ndafunsanso konsolo, tsopano ikuti 180. Sindinakhudze siteji ngakhale imodzi. Ndathamangira ku Dragonsreach, ndapeza Farengar akuyankhula ndi mayi wina wovala chophimba kumutu, ndapereka mwala, kenako Irileth, mlonda wa mfumu, wabwera ndi nkhani ya chinjoka. Mtima wanga wakhala pansi. Zikomo kwambiri asisi, ndi inunso a Yamikani.

Mavuto: Zokambirana za Farengar ndi mayi ameneyo n'zofunika kutsogoloku, ndibwino kuti mwazionera nokha. Koma funso limene palibe wafunsa ndi lakuti n'chifukwa chiyani mtembo unamira. Mukapanda kudziwa, zichitikanso pamalo pamene mwendo sudzaoneka. Sikirini yanu ndi yotani?

Limbani: Ndi ya 144 Hz. Nditangoigula ndinasintha fayilo ya zokonda kuti gemu isamangike pa 60, chifukwa ndinkafuna kuti iziyenda mosalala.

Mavuto: Ndiye ndikukayikira pamenepo. Kayendedwe ka zinthu mu Skyrim, monga kugwa kwa mitembo ndi kugubuduka kwa mbale, kanakonzedwa poyembekezera mafulemu 60 pa sekondi. Mukapyola kwambiri popanda modi yokonza zimenezo, zinthu zimayamba misala. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukalowa m'nyumba, mbale ndi makapu zimadumpha zokha pa tebulo, nthawi zina mpaka kukuvulazani. Mwaonapo zotere?

Limbani: Kangapo konse. Ndinkaganiza kuti ndi mmene gemu ilili.

Tiyamike: A Mavuto akhoza kukhala kuti alasa, ngakhale mitembo imamira nthawi zina ndi pa 60 pomwe, ndiye tisagamule msanga. Ubwino wake izi mungaziyese nokha, ndipo apa ndi pamene konsolo imagwira ntchito imene inapangidwira. Musayesere pa sevu yanu yeniyeni. Yatsani gemu, mukafika pa menyu yoyamba musatsegule sevu iliyonse, mungotsegula konsolo pomwepo mulembe:

```
coc riverwood
```

Gemu ikuponyani ku Riverwood ndi munthu watsopano, osadutsa pa ngolo ija ya kumayambiriro. Lowani m'nyumba imodzi yokhala ndi zinthu zambiri pa matebulo, muone ngati zikudumpha. Tulukani, lowaninso, kasanu. Kenako zimitsani gemu yonse, mubweze malire a 60, muchitenso chimodzimodzi m'nyumba yomweyo. Musinthe chinthu chimodzi chokha pakati pa maulendo awiriwo. Mukasintha mafulemu n'kuchotsanso modi nthawi imodzi, zikakonzeka simudziwa chimene chathandiza.

Thoko: Ine ndimapanga timamodi ting'onoting'ono ta zida, ndipo njira imeneyi ndi imene ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse, kungoti ndimapita ku `coc qasmoke`. Ndi chipinda choyesera chimene opanga gemu anasiya, muli mabokosi a zida, zovala ndi mabuku, komanso malo osulira. Chenjezo langa ndi lakuti mabokosi a zida zamatsenga ali ndi katundu wambiri moti gemu imatha kuuma kwa kanthawi mukawatsegula, ndipo potuluka palibe chitseko, mutuluke ndi `coc` yomweyo.

Koma asisi Tiyamike, pali chimene chikundizunguza. Ndinasintha mphamvu ya lupanga langa ndipo kusinthako kunaoneka ngakhale pa sevu yakale. Nditasintha nambala ina mu sikiripiti ya lupanga lomwelo, pa sevu yakale palibe chasintha, koma ndikalowa ndi `coc` kuchokera pa menyu zikugwira. Ndalakwitsa pati?

Tiyamike: Simunalakwitse. Mphamvu ya lupanga gemu imaiwerenga kuchokera mu fayilo ya modi nthawi iliyonse ikayaka, ndiye kusintha kumaoneka paliponse. Koma sikiripiti ikangoyamba kugwira ntchito pa chinthu, manambala ake amasungidwa mkati mwa sevu, ndipo sevuyo imakhulupirira zimene inasunga kuposa zimene mwalemba kumene. N'chifukwa chake zoyesa masikiripiti zimafuna sevu imene siinaonepo modi yanuyo. Ine ndimasunga imodzi yotero, ya munthu amene wangotuluka kumene ku Helgen, kumene gemu imayambira, popanda modi iliyonse, ndipo sindiseva pamwamba pake.

Ndimaikonda kuposa `coc` ya pa menyu pa chifukwa chimodzi. Munthu wa pa menyu uja sanadutse chiyambi cha gemu, ndiye mishoni zina sizili mmene zimakhalira kwa wosewera weniweni. Poyesa maonekedwe a lupanga kapena kudumpha kwa mbale, alibe vuto. Poyesa chilichonse chokhudza mishoni, akhoza kukunamizani mbali zonse ziwiri: kukuonetsani vuto limene kulibe, kapena kubisa limene lilipo.

Thoko: Apo ndiye ndamvetsa chifukwa chake mnzanga amene ndinamutumizira modi ankati siikugwira pamene kwa ine inkagwira. Iye anaika mtundu watsopano pamwamba pa wakale. Chinanso chimene chinamusokoneza ndi nambala ya lupangalo. Ndinamupatsa yanga, kwa iye konsolo inakana.

Tiyamike: Zilembo ziwiri zoyambirira za nambala si za chinthucho, ndi malo amene fayilo yake yaima pa mzere wa mafayilo. 00 ndi gemu yeniyeni, n'chifukwa chake nambala ya Lydia ndi ya Dragonstone n'zofanana kwa tonse. Mu Special Edition 02 ndi Dawnguard ndipo 04 ndi Dragonborn. Modi yanu ikhoza kukhala pa malo ena kwa inu ndi ena kwa mnzanu. Muzimuuza dzina la lupanga, afufuze yekha ndi `help`.

Yamikani: Zonsezi ndamva ndipo ndaphunzirapo. Koma ndikufuna chilungamo pa `setstage`. Pali nthawi zimene palibe mtembo woti ukoke. Munthu amene ukuyenera kuyankhula naye ali pomwepo, wamoyo, koma mawu oti usankhe sakutuluka. Wayesa kudikira, wayesa kutuluka ndi kulowanso, wayesa `disable` ndi `enable` pa iye. Pamenepo utani? Usiye gemu?

Tiyamike: Ayi, pamenepo inenso ndimalemba `setstage`, ndipo ndalembapo kambiri. Kusiyana kwathu ndi kutalika kwa kulumpha. Ndimayang'ana `sqs`, ndimasankha siteji yotsatira yapafupi imene ikugwirizana ndi chimene chakanika, ndimalemba imeneyo yokha, kenako ndimatseka konsolo n'kuona ngati dziko layankha: kodi buku lasintha, kodi munthu wayamba kuyenda, kodi kachizindikiro kasamuka. Ngati gemu yadzuka, ndimaisiya ipitirize yokha. Ndiponso si nambala iliyonse pa mndandanda uja imene ili pa njira yanu. Ena ndi masiteji a nthambi ina ya nkhani, ena ndi a kulephera kwa mishoni, ndiye kuwalemba onse motsatizana n'koopsa mofanana ndi kulumphira kumapeto. Ngati a Limbani akanalephera kupeza mtembo, ndikanawauza ayese mwala wanu wa `additem`, zikakanika alembe 180, osati 190, kuti kupereka mwala kuchitike ndi manja awo.

Mavuto: Ine pamenepo ndimasiyana nanu nonse awiri. Ngati sevu yoyera ili mkati mwa ola limodzi kapena awiri, ndimabwerera n'kusewera kachiwiri. Ola limodzi ndimalidziwa mtengo wake, pamene siteji yokankhidwa sindidziwa kuti idzanditengera zingati kutsogolo.

Yamikani: Kwa inu amene muli ndi nthawi, akulu. Ena timasewera mphindi makumi atatu patsiku, ola limodzi ndi masiku awiri.

Limbani: Ndayesa zija za mafulemu. Popanda malire, mbale zadumpha maulendo atatu mwa asanu. Nditabweza pa 60, sizinadumphe ngakhale kamodzi m'nyumba yomweyo. Sindinganene kuti ndi zimene zinamiza mtembo, koma ndisiya pa 60. Sevu ija ya `ndisanakhudze` ndikadali nayo pa fulashi, ndiye Loweruka ndiitsegula ndiyese mwala wa `additem` kuti tione amene akulondola pakati pa a Yamikani ndi a Tiyamike. Ndidzayang'ana ngati siteji ifika pa 180 yokha, komanso ngati Farengar alandira ngakhale itapanda kufika.

Chikondi: Musanabalalike, nanga ine ndi a Lydia anga awiri nditani? Ndikuopa kuchotsa weniweni.

Tiyamike: Sevani kaye ndi dzina latsopano. Kenako dinani pa aliyense konsolo ili yotsegula, muwerenge nambala. Weniweni aonetsa 000A2C94. Wopangidwa ndi `placeatme` nambala yake iyamba ndi FF, chifukwa zinthu zonse zobadwa mkati mwa kusewera zimayamba choncho. Ngati wa FF ndi amene akukutsatirani pano, mutengereni katundu yense amene munamupatsa, mumuuze m'zokambirana kuti musiyane, ndipo mudikire achoke pa udindo wa wotsatira. Mukamuchotsa akadali wotsatira, gemu ikhoza kumaganizabe kuti muli ndi munthu ndipo ena azikana kukutsatirani. Akamasuka, mudine, muonenso kuti nambala ikuyamba ndi FF, ndiye mulembe:

```
disable
markfordelete
```

Mukatero pitani kwa wa pampando uja ku Dragonsreach, mumupemphe akutsatireni, mutsegule katundu wake muone ngati zida zanu zilimo.

Chikondi: Wa FF ndi amene ndakhala ndikuyenda naye sabata yonseyi. Ndamuuza kuti tisiyane ndipo wayamba kuyenda kulowera ku Whiterun. Ndimuchotse pompano ali panjira, kapena ndidikire akafike?

Tiyamike: Ngati mukamuyankhula akukupatsaninso mwayi womupempha kuti akutsatireni, ndiye kuti wamasuka kale, muchotseni pomwepo asanasakanikirane ndi mnzakeyo m'chipinda chimodzi.